Ngongole ya madola yabwezedwa kwacha itagwa

"Ndinagulitsa tiyi pa ngongole, madola 10,000, dola ili pa K1,180. Wogula walipira dola ili pa K1,700. Ndalama yapamwambayi ndilembe pati?"

Zikomo achimwene. Yambani ndi tsiku logulitsa: madola 10,000 kuchulukitsa ndi K1,180 ndi K11,800,000. Lembani ndalamayi ku akaunti ya zogulitsa komanso ku akaunti ya wogulayo ngati ngongole. Ku zogulitsa musabwerereko, chifukwa mtengo wa tiyi unatsekedwa tsiku lomwelo.

Tsiku lolandira, werengerani pa mtengo umene banki yanu yagulira madolawo. Pa K1,700 ndi K17,000,000, zolowa ku akaunti ya banki. Ku akaunti ya wogula chotsani K11,800,000, ngongole ithe. K5,200,000 yotsalayo ndi phindu la kusintha kwa mtengo wa ndalama, ndipo imalowa ku akaunti yakeyake mu lipoti la phindu ndi kuluza. Kwacha ikanakwera mphamvu, akaunti yomweyi ikanaonetsa kuluza.

Chonde samalani ngati chaka cha mabuku chinatha ngongole isanalipidwe, apa ndi pamene ambiri amaphonya. Lamulo la padziko lonse la kalembedwe ka mabuku a ndalama, la IAS 21, limafuna kuti ngongoleyo muiwerengerenso pa mtengo wa tsiku lotseka. Tinene kuti unali K1,680: ngongole inakhala K16,800,000, ndipo K5,000,000 inalowa kale ngati phindu la chaka chathacho. Polandira mulemba K200,000 yokha.

Akaunti ya wogula ikapanda kufika pa ziro chonsecho madola onse alowa, kusiyanaku simunakulembe bwino. Madola akaperewera chifukwa banki yadulapo, lembani zodulidwazo ngati zolipira ku banki.