Funso lavuta, kapena lalakwika? Kuwerenga manambala a funso lililonse mukatha kuchonga

Aphunzitsi anzanga, mukamaliza kuchonga mayeso musafulumire kumanga mapepala aja n'kuwaponya m'kabati. Malikisi amene mwalemba pamwamba pa pepala akukuuzani za wophunzira, koma mapepala omwewo angakuuzeninso za mafunso amene munafunsa. Pamafunika pensulo, pepala la mizere ndi ola limodzi. Ndikamba za mafunso osankha yankho pakati pa A, B, C ndi D, chifukwa ndi amene amawerengeka mosavuta, ndipo titsata chitsanzo chongoyerekeza cha kalasi ya ophunzira 60 imene yalemba mayeso a masamu a mafunso 20.

Nambala yoyamba kuipeza ndi imene akatswiri a mayeso amailemba ndi chilembo p. Werengani amene akhoza funsolo, mugawe ndi onse amene analemba. Ngati akhoza 45 mwa 60, ndiye kuti p = 45 ÷ 60 = 0.75. Apa ambiri amasokonezeka, chifukwa nambalayi amaitchula kuti yosonyeza kuvuta kwa funso, chonsecho ikamakula funso ndiye kuti likuphweka. Funso la 0.90 ndi lophweka, la 0.20 ndi lovuta. Ngati funso ndi la malikisi angapo, tinene 5, pezani avereji ya malikisi amene kalasi yapeza pafunsolo, mugawe ndi 5.

Ambiri amati funso likatsika pansi pa 0.30 lavuta, likapitirira 0.80 kapena 0.90 laphweka. Malire amenewa ndi chizolowezi chabe, ndipo mabuku amasiyanako pang'ono. Chimene musaiwale n'chakuti pa funso la mayankho anayi, munthu wosadziwa kalikonse amene akungolota amakhoza kamodzi pa kanayi. Choncho p ya 0.25 ingathe kutuluka ngakhale m'kalasi mulibe ndi mmodzi yemwe wodziwa yankho. N'chifukwa chake funso lapakatikati la mtundu uwu silikhala pa 0.50, limakhala cha m'ma 0.60, pakati pa 0.25 ndi 1.

Tsopano tinene kuti m'mayeso athu aja mafunso atatu, la 7, la 12 ndi la 20, lililonse akhoza ophunzira 18. Onse atatu p yawo ndi 0.30. Mphunzitsi wofulumira anganene kuti onse anavuta mofanana, n'kuwachotsa kapena kuwaphweketsa. Akatero walakwitsa, chifukwa p yangomuuza kuchuluka kwa amene akhoza, sinamuuze kuti akhozawo ndi ati.

Kuti mudziwe zimenezo, sanjani mapepala kuyambira wa malikisi ambiri kufikira wa ochepa. Tengani apamwamba 27 pa 100 aliwonse, ndi apansi chimodzimodzi. Muyeso wa 27 umenewu unachokera kwa katswiri wa mayeso Truman Kelley mu 1939, amene anaonetsa kuti umapereka magulu awiri osiyana mokwanira koma osachepa kwambiri. Pa ophunzira 60 zikutipatsa 16 apamwamba ndi 16 apansi; mapepala 28 apakati aikeni kaye pambali. Pa funso lililonse lembani kuti m'gulu lililonse ndi angati anasankha A, angati B, C ndi D. Kenaka chotsani okhoza a gulu lapansi kwa okhoza a gulu lapamwamba, mugawe ndi 16. Nambala yotulukayo imasonyeza ngati funso likusiyanitsa odziwa ndi osadziwa. M'mabuku amailemba ndi chilembo D, koma pano ndiziitchula kuti nambala ya kusiyanitsa kuti isasokonezeke ndi yankho D. Mwa malire amene katswiri wina, Robert Ebel, anapereka, 0.40 kapena kuposa ndi funso labwino kwambiri, ndipo lotsika pansi pa 0.20 lifunika kulikonza kapena kulisiya.

Funso 7 linali lakuti 1/2 + 1/3, mayankho ake A 2/5, B 5/6, C 1/6, D 2/6. M'gulu lapamwamba 11 anasankha B, limene ndi lolondola, ndipo m'gulu lapansi anasankha B ndi 2 okha. Kusiyanitsa kwake ndi (11 − 2) ÷ 16 = 0.56. Funsoli ndi lovuta ndithu, koma likugwira ntchito yake bwino. Tayang'ananinso kumene olakwa anapita: mwa 16 apansi, 11 anasankha A, ndipo ngakhale apamwamba atatu anagwa momwemo. Sanangolota ayi. Anaphatikiza manambala apamwamba, 1 ndi 1, n'kuphatikizanso apansi, 2 ndi 3, n'kupeza 2/5. Funso lotere musalikhudze. Chofunika kukonza ndi phunziro, ndipo mapepalawo akuuzani kale poyambira: afunseni ngati theka mutaliwonjezera kenakake lingasanduke 2/5, nambala yochepa kuposa theka lomwelo.

Funso 12 ndi nkhani ina. Linali 2 + 3 × 4, mayankho A 9, B 14, C 20, D 24, ndipo papepala lochongera panalembedwa C. Apamwamba amene anasankha C ndi 3, apansi 7. Kusiyanitsa kwake ndi (3 − 7) ÷ 16 = −0.25. Nambala ikatuluka pansi pa ziro chonchi, ndiye kuti ofooka akukhoza kuposa odziwa, ndipo choyamba kukayikira chikhale pepala lanu lochongera. Onani kumene apamwamba anathamangira: 12 mwa 16 anasankha B. Iwo ndiwo anakhoza, chifukwa kuchulukitsa kumayamba, 3 × 4 ndi 12, kuwonjezera 2 ndi 14. Wokonza pepala lochongera anaphonya chilembo, kapena mwina naye anawerengera kuchokera kumanzere kupita kumanja monga anachitira ofooka aja. Zimachitika munthu ukatopa. Mutachonganso mupeza kuti, tinene, 27 ndi amene anasankha B, p yakwera kufika 0.45, ndipo popeza apansi amene anasankha B anali 4, kusiyanitsa kwafika pa 0.50. Funso linalibe vuto. Bwezerani malikisi kwa amene anamanidwa, ndipo musanjenso mapepala chifukwa ena am'mphepete mwa magulu aja asuntha.

Nthawi zina mupeza kuti pepala lochongera lili bwino koma apamwamba agawikana pakati pa mayankho awiri. Pamenepo werenganinso funso ngati kuti simunalilembe ndinu. Kawirikawiri mumakhala mayankho awiri amene onse angakhale olondola, kapena liwu limene lingamveke pawiri, ndipo amene amakodwa ndi odziwa zambiri chifukwa amaona tanthauzo lachiwirilo. Itanani awiri kapena atatu mwa iwo akufotokozereni mmene analimvera. Sachedwa kukulozerani pamene pali vuto.

Funso 20 apamwamba akhoza 5, apansi 4, kusiyanitsa 0.06, ndipo mayankho amwazikana pafupifupi mofanana pa A, B, C ndi D m'magulu onse awiri. Umu ndi mmene kulota kumaonekera. Palibe yankho lolakwika limene lakoka anthu ambiri monga zinalili pa funso 7, ndipo 0.30 ija ili pafupi kwambiri ndi 0.25. Ili ndiye funso lovuta mopyola muyeso, moti silikutiuza chilichonse za wophunzira aliyense. Koma musanaliweruze, kumbukirani kuti ndi lomaliza. Yang'anani mafunso 18 ndi 19. Ngati nawonso ali ndi mipata yosayankhidwa yambiri ndipo p ikutsikiratsikira kumapeto, vuto ndi nthawi: ena sanafikeko, ena anangodzaza zilembo mutanena kuti kwatsala mphindi imodzi. Ngati 18 ndi 19 ali bwino, dzifunseni moona mtima ngati mutu wa funso 20 munauphunzitsa mokwanira, komanso ngati chiganizo chake sichinali chachitali ndi chopiringizika kuposa masamu ake.

Nanga mafunso ophweka? Tinene funso 1 akhoza 57 mwa 60, p ya 0.95. Kusiyanitsa kwake kudzakhala kotsika zivute zitani, chifukwa olakwa ndi atatu okha. Ngakhale onse atakhala a gulu lapansi, nambala singapitirire 3 ÷ 16, imene ndi 0.19. Choncho musalitaye chifukwa cha malire a Ebel aja. Zitengera cholinga cha mayeso. Ngati munkafuna kudziwa ngati aliyense wamvetsa mfundo yoyambira musanapite patsogolo, 0.95 ndi nkhani yabwino, ndipo atatu olakwawo ndi amene akufunika thandizo lanu. Ngati mayeso ndi osankhira ochepa pakati pa ambiri, mafunso ambiri otere amangodya nthawi. Ine ndimakonda kusiya limodzi kapena awiri koyambirira kuti mitima ikhale m'malo.

Chimene ndimachikayikira ndi funso la mutu wovuta limene latuluka lophweka modabwitsa. Onani mayankho olakwika aja. Ngati awiri mwa atatu palibe wawasankha ngakhale m'gulu lapansi, funso lasanduka la mayankho awiri, ndipo wolota akukhoza theka la nthawi. Onaninso ngati yankho lolondola silinali lalitali kuposa anzake, ngati funso lina silinaulule yankho, kapena ngati si chitsanzo chomwe chija munachita pabolodi sabata yatha. Mankhwala ake ndi kulemba mayankho olakwika ochokera ku zolakwa zenizeni za ophunzira, monga 2/5 uja.

Manambala onsewa ndi a gulu limene lalemba tsiku limenelo. Funso lomwelo lingakhale 0.80 m'kalasi ina ndi 0.40 m'kalasi ina. Komanso gulu likachepa nambala imagwedezeka: pa ophunzira 60, p ya 0.50 ingasunthe ndi 0.13 kukwera kapena kutsika mwa mwayi chabe, ndipo pa ophunzira 30 ingasunthe ndi 0.18. Choncho musavutike kusiyanitsa funso la 0.55 ndi la 0.62, tsatani zazikulu zokha monga kusiyanitsa kotsika pansi pa ziro. Ngati kalasi yanu ndi ya 30 kapena kucheperapo, 27 pa 100 ikupatsani mapepala 8 okha mbali iliyonse, ndiye ndi bwino kungoigawa pakati, theka lapamwamba ndi theka lapansi, podziwa kuti nambala ya kusiyanitsa ituluka yocheperako.

Funso lililonse limene mukufuna kudzaligwiritsanso ntchito lilembeni pa kakhadi kake. Kuseri kwake lembani tsiku, kalasi, chiwerengero cha olemba, p, nambala ya kusiyanitsa ndi yankho lolakwika limene linakoka ambiri. Mukadzalifunsanso kwa gulu lina, wonjezerani mzere wina pansi pake. Funso 20 lija mudzaliyese pakati pa pepala. Likadzatulukanso cha m'ma 0.30 mayankho atamwazikana chimodzimodzi, nthawi inalipo ndipo mutu munauphunzitsa, pamenepo lichotseni.