Momwe mungapezere malo mu foni ya Android ikamakana kulandira apudeti

Foni zambiri za Android zimene anthu akugwiritsa ntchito kuno kwathu, makamaka za mtengo wotsika, zili ndi malo osungira zinthu okwana 32 GB kapena 64 GB. Mbali ina ya malowa inatengedwa kale ndi Android yemweyo pamodzi ndi mapulogalamu amene anabwera ndi foniyo, choncho amene mwini foni amagwiritsa ntchito ndi ochepa kuposa nambala yolembedwa pa bokosi. N'chifukwa chake apudeti ikabwera, foni imalemba kuti malo ndi osakwanira, kapena imayamba kutsitsa n'kuima pakati, mawa n'kuyambiranso.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti foni imapempha malo ambiri kuposa kukula kwa apudetiyo. Apudeti imabwera yopanikizidwa ngati belo la kaunjika, limene likamasulidwa limafuna malo aakulu kuposa pamene linali lomanga. Foni iyenera kusunga fayilo imene yatsitsa, kuimasula, kuonetsetsa kuti sinawonongeke panjira, kenako n'kuikhazikitsa, ndipo mafoni ambiri atsopano amasunganso Android yakale mpaka atatsimikiza kuti yatsopanoyo yayaka bwino. Zonsezi zimachitikira m'malo a mkati mwa foni. Kugula memore khadi yaikulu pakokha sikuthetsa vutoli, pokhapokha mutasamutsirako zinthu zanu kuti mkatimo mutsale malo.

Tiyerekeze foni ya 32 GB imene yatsala ndi 900 MB yokha, ndipo apudeti yake ndi ya 1.5 GB. Mwini wake akafufuta zithunzi zokwana 600 MB poganiza kuti zakwana, apudetiyo ikhoza kutsika ndithu, koma n'kulephera pa nthawi yoikhazikitsa, ndipo mwina bandulo ina n'kutheranso pa kutsitsa kachiwiri. Ine ndimalangiza kuti musanayambe mukhale ndi malo osachepera kuwirikiza kawiri kukula kwa apudetiyo, ndiye kuti pa chitsanzo chathu 3 GB, ndipo 4 GB ingakhale bwino koposa. Ngati foni yatchula yokha kuchuluka kwa malo amene ikufuna, tsatirani nambala imeneyo n'kuwonjezerapo pang'ono.

Yambani ndi kuona chimene chadzaza foni. Tsegulani Settings, kenako Storage, pamene pa mafoni a Samsung pamapezeka mkati mwa Device care kapena Battery and device care. Pamenepa muona malo amene atengedwa ndi mavidiyo, zithunzi, nyimbo ndi mapulogalamu, ndipo muyambe ndi gawo lalikulu kwambiri m'malo mofufuta timauthenga ta SMS timene sititenga malo enieni.

Pa mafoni ambiri, WhatsApp ndi amene amakhala atadya malo ochuluka, chifukwa mavidiyo a m'magulu a kumpingo, a kuntchito ndi a pachibale amalowa okha tsiku ndi tsiku popanda mwini foni kuwaonera n'komwe. Mu WhatsApp pitani pa Settings, kenako Storage and data, kenako Manage storage. Mupeza gawo la Larger than 5 MB, la mafayilo akuluakulu, ndi la Forwarded many times, la zinthu zimene zakhala zikungotumizidwa uku ndi uku, ndipo m'munsi mwake muli mndandanda wa magulu ndi anthu kuyambira amene watenga malo ambiri. Lowani m'magulu awiri kapena atatu a pamwamba, musankhe mavidiyo amene simukuwafuna, muwafufute. Mauthenga olemba amatsala osakhudzidwa. Chenjerani ndi magulu a pabanja ndi a bizinesi, pakuti m'menemo ndi mmene mumakhala zithunzi za ukwati, za ana ndi za malisiti a ndalama, ndipo zimenezi ziyenera kukoperedwa kwina kaye. Musanatuluke, bwererani pa Storage and data ndi kuchotsa mavidiyo pa Media auto-download kuti foni isadzazenso sabata yamawa.

Kenako onani foda ya Download ndi mafoda a mapulogalamu otumizirana zinthu monga Xender. M'menemo mumatsalira mafilimu amene munaonera kale ndi mafayilo a APK a mapulogalamu amene anaikidwa kale mu foni, ndipo filimu imodzi yokha imatha kutenga malo ofanana ndi zithunzi mazana angapo. Mavidiyo ndi zithunzi zimene mumazikonda zisamutsireni ku memore khadi kapena ku kompyuta kudzera pa chingwe cha USB. Mukakopera, tsegulani zingapo kumalo atsopanowo kuti mutsimikize kuti zikuoneka, ndipo pokhapo m'pamene mufufute za mu foni.

Anthu ambiri amafufuta zinthu zambirimbiri n'kudabwa kuti malo sanasinthe. Chifukwa chake n'chakuti mapulogalamu ambiri a zithunzi ndi mafayilo amayamba aika zofufutidwazo mu Trash kapena Recycle bin, m'mene zimakhala masiku 30 zikutengabe malo ngati zili mu foni. Tsegulani Trash, muonenso kuti mulibe chofunika, kenako mukhuthule.

Ngati malo sanakwanebe, pitani pa Settings, kenako Apps, musankhe mapulogalamu monga Facebook, TikTok, YouTube ndi Chrome, mulowe pa Storage. Apa pali mabatani awiri oyandikana amene ntchito yawo ndi yosiyana kwambiri. Clear cache imachotsa zinthu zosakhalitsa zimene pulogalamu imadzatenganso yokha, ndipo siwononga chilichonse. Clear data, imene pa mafoni ena imalembedwa Clear storage, imabwezera pulogalamu mmene inalili tsiku loyamba. Mukaidina pa WhatsApp, mauthenga onse amene sanasungidwe kwina atayika, ndipo pa pulogalamu ya banki mudzafunika kulowanso mwatsopano. Mapulogalamu amene simuwagwiritsa ntchito, makamaka magemu, achotseni onse athunthu.

Musalowe mu foda ya Android n'kumafufuta zinthu zimene simukuzidziwa, chifukwa pa mafoni atsopano zithunzi za WhatsApp ndi makope a mauthenga ake zimakhala m'menemo. Mapulogalamu olonjeza kuyeretsa foni ndi kuifulumizitsa nawonso sindiwalimbikitsa, popeza amatenga malo awoawo, amabweretsa zotsatsa malonda, ndipo zimene amachita mungathe kuzichita nokha monga tafotokozera.

Malo akakwana, zimitsani foni n'kuiyatsanso, batire likhale loposa theka kapena foni ikhale pa chaja, ndipo mupeze Wi-Fi yodalirika kapena bandulo yokwanira yogwira pa intaneti yonse, chifukwa bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha singatsitse apudeti. Foni ikayamba kukhazikitsa, imatha kuzima n'kuyaka yokha kapena kukhala nthawi pa chizindikiro cha kampani, ndipo simuyenera kuizimitsa mokakamiza.

Apudeti ikalepherabe malo alipo ambiri, onani pamene ikuimira. Ikamaima pa kutsitsa, vuto nthawi zambiri ndi netiweki, kapena deti ndi nthawi zolakwika, zimene mungakonze pa Date & time posankha kuti zizidzikonza zokha. Ikamatsika yonse n'kukanika pa kukhazikitsa nthawi iliyonse, mwina foniyo inafulashidwapo ndi Android yosagwirizana ndi mtundu wake, ndipo kufufuta zinthu zina sikungathandize. Ipite kwa wokonza wovomerezeka. Wina akakuuzani za Factory reset, dziwani kuti imafufuta zonse za mkati mwa foni, ndipo ikayakanso ikhoza kufunsa imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google imene inalimo, choncho musavomere musanakopere zinthu zanu ndi kutsimikiza kuti pasiwediyo mukuikumbukira.