Momwe mungachotsere chekeni ndi pensulo pakhoma popanda kusupula penti

Mwana wanga wa zaka zitatu atalemba mizere ya chekeni chofiira pakhoma la nyumba ya lendi ku Nchalo, ndinathamangira sopo ndi madzi masana dzuwa lili pamutu, ndipo mzere woonda unasanduka chibanga chachikulu ngati chikhatho. Chekeni chimapangidwa ndi phula, choncho khoma likatentha monga limatenthera kuno kuchigwa mu Okutobala, phulalo limafewa n'kumamatirira paliponse pamene nsalu yadutsa. Ntchito imeneyi ndi ya m'mamawa khoma lisanafunde.

Choyamba, dziwani mtundu wa penti. Nyowetsani kansalu koyera, mupukute pang'ono pamalo obisika monga kuseri kwa chitseko. Ngati kansaluko katuluka koyera ndipo khoma ndi lonyezimira, imeneyo ndi penti ya oyilo, yomwe imapirira kutsukidwa. Ngati katenga mtundu wa khoma, ndi penti ya madzi, ndipo imafuna dzanja lopepuka. Khoma la laimu lokha silitsukika. Palani pang'ono ndi kupakanso laimu wina.

Pensulo isakhudzane ndi madzi poyamba, chifukwa imapakika n'kudetsa malo aakulu. Ifufuteni ndi labala yoyera khoma lili louma.

Chekeni ndiye chimafuna kuleza mtima. Yambani ndi kupala phula lapamwamba ndi m'mphepete mwa khadi lakale la pulasitiki, mutaligoneka kuti lisakande. Kenako viikani kansalu m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, mukafinye mpaka kasadonthe, ndipo mupukute kuchokera kunja kwa banga kulowera pakati, mukumatembenuza kansaluko kuti mbali yoyera ndiyo izikhudza khoma. Mtundu ukatsalabe, sakanizani masupuni atatu a soda wophikira ndi supuni imodzi ya madzi, mupake phalalo ndi chala chokulunga m'nsalu mozungulira pang'onopang'ono. Soda amakhula, kotero mukaona mtundu wa khoma pansalu, kapena pamalopo payamba kuwala mosiyana ndi pena ponse, lekani pomwepo, paume, mudzabwerezenso mawa. Kwathu chofiira chija chinatheratu m'mawa wachiwiri.

Pa penti ya oyilo, dontho la mafuta ophikira limasungunula phula mofulumira, kenako mumatsuka ndi sopo. Pa penti ya madzi musayerekeze, popeza mafutawo amalowerera n'kusiya banga lomwe ngakhale penti yatsopano imavutika kuliphimba. Sitiliwulu, phulusa, mchenga ndi thinara zimachotsa chekeni pamodzi ndi penti yomwe.

Pomaliza tsukuluzani ndi kansalu ka madzi oyera ndi kuumitsa msanga ndi kena kouma. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere omwe akauma okha amasiya mizere yotuwa, makamaka pakhoma la mtundu wakuda, choncho ngati muli ndi madzi amvula osunga, tsukuluzirani amenewo.