Malipiro amodzi, malisiti awiri

Kasitomala wa sitolo ina ya ku Limbe analipira K18,500 pa foni, koma pulogalamu yomwe ndimayang'anira inalemba malisiti awiri, ndipo katundu wa m'sitoko anachotsedwa kawiri. Nditafufuza m'malogi ndinapeza kuti uthenga wa malipirowo unafika kawiri, motalikirana ndi masekondi 30, nambala yake ili imodzimodzi.

Kampani yotumiza uthenga wa malipiro imadikira yankho la `200 OK`, losonyeza kuti taulandira. Seva yathu inkayamba yalemba lisiti ndi kutumiza uthenga wa pa foni kwa kasitomala, kenako n'kuyankha. Netiweki ikachedwa, nthawi yodikira imatha, wotumiza amaganiza kuti sitinamve, ndiye amatumizanso. Salakwa ayi. Kuli bwino kubwereza kusiyana n'kuti malipiro asowe.

Mankhwala ake ndi kiyi yosasintha ngakhale uthenga ubwerezedwe. Ine ndinatenga nambala ya malipiro yochokera kwa wotumiza, osati nthawi yofikira, chifukwa nthawiyo imasintha.

```sql
INSERT INTO malipiro (tx_id, ndalama)
VALUES ($1, $2)
ON CONFLICT (tx_id) DO NOTHING;
```

`tx_id`, yomwe ndi nambala ya malipiro ija, iyenera kukhala `UNIQUE`, kuti detabesi isalole nambala imodzi kulembedwa kawiri. Kuyamba mwafunsa ndi `SELECT` ngati nambalayo ilipo sikokwanira, poti mauthenga awiri akafika pamodzi onse amapeza kuti palibe, onse n'kulemba. Lolani detabesi iweruze.

Mzere ukalowa, ndimalemba lisiti mu `transaction` yomweyo, kuti seva ikazima pakati (magetsi athu mukuwadziwa) zonse zibwerere limodzi. Ukapanda kulowa, sindichita kanthu, koma ndimayankhabe `200 OK`. Mukayankha kuti pali vuto, wotumiza azingotumizabe.