Momwe mungalembere buku la Chirasha kapena Chiarabu pa malifalensi anu

Ana a sukulu a ku Mzuni amene muli pa risechi, tsiku lina mudzakumana ndi buku loti mutu wake suli m'zilembo zathuzi za a, b, c. Ambiri amangokopa n'kupesita mmene ziliri, ndiye supavayiza sangawerenge, komanso mukauza Word kuti isanje mndandanda bukulo limathawira pansi penipeni kuseri kwa Z.

Choyamba sandutsani zilembozo zikhale zathu, koma osati mongomvera m'khutu ayi. Pali matebulo ake, malaibulale ambiri amatsata ALA-LC, Chitchaina chimayendera pinyin. Titenge buku lina la Tolstoy, mlembi wa ku Russia, pachikuto pamalembedwa Война и мир. Pa ALA-LC limakhala Voĭna i mir, pa ISO 9 ndi Vojna i mir. Zonse ndi zolondola, bola musankhe imodzi n'kuikakamira mpaka kumapeto. Njira yachidule, sakani bukulo pa WorldCat, katalogu ya pa intaneti ya malaibulale ambiri, muone mmene alaibulale analilembera kale.

Kenako ikani tanthauzo la mutuwo m'mabulaketi a makona, m'chiyankhulo chomwe mukulembera pepala lanu. Mu APA ziyambe chonchi:

```
Tolstoĭ, L. N. (1869). Voĭna i mir [Nkhondo ndi mtendere].
```

Chakacho chikhale cha kope lomwe mwagwiritsadi ntchito, ndipo dzina la osindikiza libwere pambuyo. Mukatsata Chicago mutha kuwonjezeranso zilembo zenizenizo pakati pa mutu wosandutsidwawo ndi tanthauzo, ine ndimakonda zimenezi chifukwa munthu wodziwa Chirasha amalipeza bukulo mosavuta.

Pomwe anthu amagwa kwambiri ndi posanja. Mlembi mmodzi yemweyo, Чехов, Angelezi amalemba Chekhov, Afalansa Tchekhov, Ajeremani Tschechow. Mukamangotola malifalensi uku ndi uku mupeza munthu mmodzi wakhala pa C komanso kawiri pa T ngati anthu atatu, wowerenga n'kumaganiza kuti buku lina mwaliiwala. Mabuku onse amene mwasandutsa nokha zilembo dzina likhale limodzi, ndipo likhale lomwelo mkati mwa nkhani. Koma ngati munawerenga lomasuliridwa kale, lembani dzina lomwe lili pachikuto chakecho, musalisinthe.

Maina a Chiarabu samalani ndi al- uja. Chicago imati al-Ghazālī apite pa G osati pa A, apo ayi theka la mndandanda wanu lidzaunjikana pa A. Kompyuta izi sizidziwa, ndiye ngati mabuku ndi ambiri tsegulani Excel, ikani kolamu ina yosanjira yokha, mmenemo lembani ghazali, tolstoi, chekhov opanda al- ndi timizere tapamwamba tija. Sanjani potsata kolamu imeneyo, mukamakopera ku Word isiyeni. A Chitchaina dzina la banja limakhala kale kutsogolo, Mao Zedong ndi wa pa M, musamutembenuze.