Kuyendera Malo Musanajambule Filimu mu Harare

Kayendereni malowo pa ola lomwelo limene mudzajambulire, chifukwa bwalo la ku Mbare limene lili zii m'mamawa limadzaza ndi phokoso la maminibasi otchedwa makombi ndi ogulitsa malonda pofika masana. Valani mahedifoni, mujambule mawu kwa mphindi zisanu, kenaka mumvetsere.

Kumbukiraninso kuti mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho khoma loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi tsiku lonse.

Magetsi a ZESA amathimathima, ndiye funsani mwini nyumba nthawi imene amazima, muyese masoketi onse. Jenereta muiike kutali ndi maikolofoni, kuseri kwa khoma, ndipo muyeze kutalika kwa chingwe chofunika. Chilolezo chikhale cholembedwa, chotchula tsiku ndi maola, ndipo asainire ndi mwini malo weniweni osati mlonda.