Makina akasiya kupindula, musadikire kuti chaka chithe

Maakauntanti ambiri amachotsera makina mtengo pang'onopang'ono chaka ndi chaka n'kumaganiza kuti zatha. Lamulo la IAS 36, limodzi mwa malamulo a kawerengedwe ka chuma cha makampani omwe amatsatidwa m'mayiko ambiri, limafuna zoposa apo. Makina akawonongeka, akakhala osagwiritsidwa ntchito, kapena zomwe amapanga zikasowa ogula, muyenera kuyesa ngati mtengo wolembedwa m'mabuku ungabwezedwedi.

Pezani ziwerengero ziwiri. Choyamba ndi ndalama zomwe mungapeze mutagulitsa makinawo, mutachotsa zolipira pogulitsa. Chachiwiri ndi ndalama zomwe adzabweretse mukapitiriza kuwagwiritsa ntchito, zitatsitsidwa ndi chiwongoladzanja kuti zifanane ndi mtengo wa lero. Chachikulu mwa ziwirizi ndicho mumayerekeza ndi m'mabuku.

Tiyerekeze kuti m'mabuku makina ali pa 500,000. Ogula angapereke 380,000, koma kuwamasula ndi kulipira wotsatsa kudya 20,000, kutsala 360,000. Mukawasunga, abweretsa 150,000 pachaka kwa zaka 3. Pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti, zimenezi lero ndi pafupifupi 373,000, osati 450,000. Choncho makina atsike kufika pa 373,000, ndipo 127,000 ilembedwe ngati kuluza kwa chaka chomwecho. Kuchotsera kwa zaka zotsalazo kuyambire pa mtengo watsopanowu.

Pomwe anthu amalakwitsa kwambiri ndi pa chiwerengero chachiwiri. Amaphatikizamo phindu lomwe akuyembekeza akadzawonjezera mphamvu ya makinawo, chonsecho ndalama zake sanazitulutse. Zimenezo n'zoletsedwa, ndipo zimabisa kuluza kwenikweni. Yesani makina monga alili lero.